Thumba la penshoni lapindula, koma lapambana ndani?

Chikalata cha penshoni chikafika, maso a ambiri amathamangira pa nambala imodzi: phindu la chaka chino. Akaona 18 peresenti, mtima umakhala m'malo. Komatu nambala imeneyi payokha sinena zambiri. Ngati msika wonse wa masheya unakwera ndi 20 peresenti chaka chomwecho, ndiye kuti woyendetsa thumbalo, amene mumamulipira kuti azisankha bwino, anatsalira ndi mapoyinti awiri.

N'chifukwa chake thumba lililonse limapatsidwa chofanizira, chomwe akatswiri amachitcha benchimaki. Thumba logula masheya a pa msika wa ku Blantyre lingayezedwe ndi indekisi ya MASI, yomwe imasonyeza mmene mitengo ya makampani onse a pamsikapo yayendera. Pali nambala ziwiri zomwe zimaulula mmene thumba likuyendera pambali pa benchimaki yake. Yoyamba ndi tirakingi era, yomwe m'malipoti amaifupikitsa kuti TE. Yachiwiri ndi infomeshoni reshiyo, kapena kuti IR.

Ganizirani munthu amene akupita ndi mbuzi kumsika. Iye akutsata njira, mbuziyo ili pachingwe. Chingwe chikakhala chachifupi, mbuzi imangoyenda pamapazi pake. Chikakhala chachitali, pena imatsogola, pena imatsalira ikubudula msipu. Munthuyo ndiye benchimaki, mbuzi ndiye thumba. TE imatiuza kutalika kwa chingwe, pomwe IR imafunsa ngati mbuzi yakhutadi ndi kuyendayenda konseko.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Nambala zili m'munsizi n'zongopeka kuti tiphunzirirepo, si za thumba lenileni. Tili ndi matumba awiri, A ndi B, ndipo tikuona phindu lawo mu maperesenti pa zaka zisanu.

| Chaka | Benchimaki | Thumba A | Thumba B |
|---|---|---|---|
| 1 | 20 | 18 | 33 |
| 2 | 10 | 16 | 3 |
| 3 | 30 | 32 | 33 |
| 4 | −5 | −7 | 8 |
| 5 | 15 | 21 | 8 |

Choyamba timachotsa phindu la benchimaki pa phindu la thumba, chaka ndi chaka. Thumba A likupereka −2, +6, +2, −2 ndi +6. Tikaphatikiza zikukwana 10, ndipo tikagawa ndi zaka zisanu tikupeza avareji ya 2. Thumba B likupereka +13, −7, +3, +13 ndi −7. Zonse pamodzi ndi 15, avareji yake 3. Wongoyang'ana pamwamba anena kuti B ndiye katswiri, poti wapitirira msika ndi mapoyinti atatu pachaka pomwe A wapitirira ndi awiri.

Tsopano tiyeze chingwe chija. Timaona kuti chaka chilichonse chatalikirana bwanji ndi avareji ya thumbalo. Kwa A, avareji ndi 2, choncho zaka zake zapatuka ndi −4, +4, 0, −4 ndi +4. Nambala iliyonse timaichulukitsa ndi iyo yomwe, kuti zotsika zisafafanize zokwera: 16, 16, 0, 16, 16, zonse pamodzi 64. Timagawa ndi 4, osati 5, chifukwa lamulo la masamuwa limati tichotse chimodzi pa chiwerengero cha zaka pamene avareji yachokera mu nambala zomwezo. Tikupeza 16. Pomaliza timafunsa kuti ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 16. Yankho ndi 4, ndipo imeneyo ndiye TE ya thumba A. Njira yomweyo pa thumba B ikupereka 400, kugawa ndi 4 kukhala 100, ndipo TE yake ndi 10. Wokhala ndi kompyuta angoika kusiyana kwa zaka zisanu kuja m'mabokosi D2 mpaka D6 a Excel n'kulemba motere:

```
TE: =STDEV.S(D2:D6)
IR: =AVERAGE(D2:D6)/STDEV.S(D2:D6)
```

Mzere wachiwiriwo ukuonetsa kuti IR ndi avareji ija kuigawa ndi TE. Thumba A likupeza 2 kugawa ndi 4, yomwe ndi 0.5. Thumba B likupeza 3 kugawa ndi 10, yomwe ndi 0.3. Apa zinthu zatembenuka. Pa poyinti iliyonse yomwe A anapatuka pa msika, anabweretsa theka la poyinti. B anafunika chingwe chachitali kuwirikiza kawiri ndi theka kuti awonjezere poyinti imodzi yokha. Munthu amene anaika ndalama mu B kumayambiriro kwa chaka chachisanu anapeza 8 pamene msika unapereka 15. Richard Grinold ndi Ronald Kahn, akatswiri amene analemba kwambiri za muyeso umenewu, amawerengera IR ya 0.5 kuti ndi yabwino, ndipo ya 1.0 kuti ndi yapamwamba zedi.

Matumba enieni sadikira zaka zokha, amagwiritsa ntchito nambala za mwezi ndi mwezi, kawirikawiri miyezi 36 kapena 60. Pofuna kusintha TE ya pamwezi kuti ikhale ya pachaka, sachulukitsa ndi 12 ayi, koma ndi 3.46, nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka pafupifupi 12. Mukamayerekeza malipoti awiri, onetsetsani kuti onse akunena za pachaka.

Nanga TE yochepa ndiyo yabwino? Zimatengera chimene thumba linalonjeza. Thumba lomwe ntchito yake n'kungotsanzira indekisi liyenera kukhala ndi TE yoyandikira 0. Koma woyendetsa thumba amene amalipiritsa ndalama zambiri ponena kuti amasankha yekha masheya, TE yake n'kukhala pansi pa 1, ndiye kuti akungokopera indekisi mwakachetechete. Dziwaninso kuti TE siona mbali. Thumba lotsalira ndi mapoyinti awiri ndendende chaka chilichonse lili ndi TE ya 0, ngakhale likukudyerani ndalama. Choncho TE muziiwerenga pamodzi ndi avareji ija nthawi zonse.

Msampha waukulu uli pa benchimaki yomwe. Matumba a penshoni sagula masheya okha. Amabwereketsanso ndalama ku boma ndi kugula nyumba zochititsa lendi. Kuyeza thumba lotere ndi MASI yokha n'kulakwitsa: chaka chomwe masheya akwera kwambiri lidzaoneka lolephera, chaka chomwe agwa lidzaoneka la nzeru, ndipo TE idzakula popanda tanthauzo. Benchimaki yoyenera ndi yosakaniza molingana ndi katundu wa thumbalo. Funsaninso ngati indekisi ikuwerengera madividendi. Ikakhala ya mitengo yokha, pomwe thumba likuphatikiza madividendi mu phindu lake, thumbalo limapambana mpikisano lisanathamange n'komwe.

Chotsala ndi mwayi. Akatswiri a ziwerengero amachulukitsa IR ndi nambala yomwe, ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe, imapereka chiwerengero cha zaka, ndipo amafuna yankho lifike pa 2 asanavomereze kuti ndi luso. Kwa thumba A, zaka zisanu zikupereka 0.5 kuchulukitsa ndi 2.24, yomwe ndi 1.1 basi. Kuti lifike pa 2, liyenera kusunga IR ya 0.5 kwa zaka 16. Choncho matrasti a penshoni yanu akadzaitanitsa msonkhano, woyendetsa thumba n'kuonetsa IR yokongola ya chaka chimodzi, m'funseni zinthu zitatu: benchimaki yake ndi iti, nambalazo wachotsa kale malipiro ake kapena ayi, ndipo zikuchokera pa miyezi ingati.