Anamwino ndi matenda okhumudwa: tidziwa bwanji kuti odwala akuchiradi?

Madokotala a matenda a maganizo m'Malawi muno ndi owerengeka, ndipo zipatala zake zikuluzikulu zili ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mayi wa ku Nsanje amene tulo tamuthawa, chakudya sichikulowa, ndipo khasu lamukanika kwa miyezi itatu, sangadikire kuti akaonane ndi katswiri woteroyo. Ndiye chifukwa chake maiko ambiri, mothandizidwa ndi ndondomeko ya mhGAP imene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2008, anaganiza zogawira ntchitoyi anamwino ndi ena ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono. Namwino yemwe amayeza kuthamanga kwa magazi kapena kupereka ma ARV amaphunzitsidwa kufunsa mafunso ofufuza matenda okhumudwa, kuyambitsa chithandizo, ndi kutumiza kwa akatswiri odwala okhawo amene matenda awakulira.

Maganizo ake ndi omveka. Vuto limabwera pakutha pa chaka, pamene akuluakulu a zaumoyo ndi opereka ndalama akufunsa ngati ntchitoyo yaphula kanthu. Malipoti ambiri amayankha ndi chiwerengero cha anamwino ophunzitsidwa komanso cha anthu ofunsidwa mafunso. Ziwerengero ziwirizi ndi zosavuta kuzipeza, zimaoneka bwino papepala, koma sizinena ngati pali munthu ndi mmodzi yemwe amene wachira.

Tiyambe ndi muyeso umene namwino amakhala nawo patebulo. Wodziwika kwambiri ndi PHQ-9, pepala la mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo: kusowa chidwi pa zinthu, kukhumudwa, tulo, kutopa, kadyedwe, kudziona wachabechabe, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kuchita zinthu mozizira kapena kusakhazikika, ndiponso maganizo ofuna kudzipha. Yankho lililonse limapatsidwa malikisi kuyambira 0, ngati vutolo silinachitike, mpaka 3, ngati limachitika pafupifupi tsiku lililonse. Onse akaphatikizidwa amafika 27. Kuyambira 5 mpaka 9 ndi vuto locheperapo, ndipo kuyambira 10 kupita m'tsogolo ndi pamene anthu ambiri amafunika chithandizo chenicheni. Pepalali linamasuliridwa m'Chichewa ndipo linayesedwa pakati pa odwala shuga ku Lilongwe. Linapezeka kuti silinamizira kawirikawiri anthu abwinobwino, koma limaphonya pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amene akudwaladi. Choncho ndi chida chosefera, si chigamulo cha dokotala.

Ubwino wake waukulu uli poti ungalibwereze. Tiyerekeze kuti mayi uja wapeza malikisi 16 tsiku loyamba. Akabwera pakatha miyezi itatu n'kupeza 8, ofufuza amati chithandizo chayamba kugwira, chifukwa malikisi atsika ndi theka. Akapeza osafika 5, amati zizindikiro zatha. Miyeso iwiriyi siyenera kusokonezedwa. Wa malikisi 8 akadali ndi matenda ake, ndipo akasiya chithandizo angabwerere pomwe anayambira. Pulogalamu yabwino imanena pachiyambi penipeni kuti idzagwiritsa ntchito muyeso uti ndiponso idzayeza liti, kaya pa miyezi itatu kaya pa isanu ndi umodzi. Ukasankha muyeso zotsatira utaziona kale, udzasankha wokukomera.

Tsopano tione chipatala chongoyerekeza, kuti tione pamene chinyengo chosadziwa chimalowera. Pa mwezi pabwera odwala 400. Namwino, poona mzere wafika pakhomo, wafunsa 300. Mwa iwo, 30 apeza malikisi 10 kapena kuposa. Amene ayamba chithandizo ndi 20, chifukwa ena anakana, ena anapeza mankhwala atatha. Pakutha pa miyezi itatu abweranso 8 okha, ndipo 6 mwa iwo zizindikiro zatha. Wolemba lipoti akhoza kunena mosanama kuti 6 mwa 8 achira, kutanthauza atatu mwa anayi aliwonse. Koma odwala amene anapezeka anali 30, ndiye amene tikudziwa kuti achira ndi mmodzi mwa asanu. Nanga 22 enawo? Ena mwina anachira n'kuona kuti palibe chifukwa chowonongera ndalama ya kabaza. Ena mwina matenda anawakulira mpaka sakudzuka n'komwe. Matenda okhumudwa ali ndi khalidwe loti amene wavutika kwambiri ndi amene amalephera kubwera, kotero kuwerenga obwera okha kumakometsa zotsatira. Zili ngati mphunzitsi amene akunyadira kuti kalasi yake yakhoza, chonsecho ana ambiri sanalembe mayeso. Ndipotu sitinawerenge anthu 100 aja amene sanafunsidwe.

Apa ndi pamene ndondomeko zounikira ntchito zimathandiza. Imodzi yodziwika bwino ndi RE-AIM, imene Russell Glasgow ndi anzake anaifotokoza mu 1999. Imakakamiza wounika kufunsa mafunso asanu m'malo mwa limodzi: ntchitoyo yafikira anthu angati mwa oyenera, yawathandiza motani, ndi zipatala ndi anamwino angati amene aitengadi, ikuchitika monga inakonzedwera kapena ayi, ndipo idzapitirira kodi ndalama za polojekiti zikatha. Kwa ine funso lachinayi ndi limene limaululira zambiri, chifukwa pulogalamu ikalephera timafunika kudziwa ngati cholephera ndi chithandizocho kapena ngati chithandizocho sichinaperekedwe n'komwe.

Malawi ali ndi phunziro lakelake pa nkhaniyi. Mu 2017 ndi 2018, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi UNC Project anayesa kuphatikiza chithandizo cha matenda okhumudwa ndi cha HIV pa zipatala ziwiri za boma mu Lilongwe, pakati pa anthu amene akuyamba kumene ma ARV. M'gawo loyamba odwala ankangofunsidwa mafunso n'kuthandizidwa mwa nthawi zonse. M'gawo lachiwiri, opeza malikisi 5 mpaka 9 ankatumizidwa ku uphungu wa Friendship Bench, njira yothandiza munthu kuthetsa mavuto ake limodzilimodzi imene inayambira ku Zimbabwe pansi pa Dixon Chibanda, pamene opeza 10 kapena kuposa ankayenera kuyamba mankhwala. Anthu pafupifupi 500 anatsatiridwa. Ofufuza sanayeze za maganizo zokha. Anaonanso ngati anthuwo akubwerabe kudzatenga ma ARV ndiponso ngati tizilombo tachepa m'magazi pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi.

Kusiyana pakati pa magulu awiriwo sikunaoneke. Wowerenga mwachangu akanati anamwino sangathe ntchitoyi, kapena kuti chithandizocho n'chopanda pake. Koma chifukwa ofufuzawo analembanso mmene ntchito inkayendera, chithunzi chinali china: ofunsidwa mafunso tsiku loyamba anali ambiri, koma ochepa ndi amene anafunsidwanso pobwera ulendo wina, ochepa anamaliza uphungu, ndipo mankhwala ankasowa. Odwala ambiri a m'gulu lachiwiri sanalandire chithandizo chokwanira choti n'kuchiweruza.

Phunziro lina lili pa kufunika kwa gulu loyerekezera. Munthu amene wauzidwa lero kuti ali ndi HIV akhoza kupeza malikisi okwera, koma pakapita miyezi, thupi likabwerera ndiponso akazolowera nkhaniyo, malikisi amatsika okha. Popanda gulu lina loti tifanizire, kutsika kumeneku tikanakutamanda ngati ntchito ya pulogalamu.

Kafukufuku wotsatira, wotchedwa SHARP, anachitika m'zipatala 10 za m'maboma, m'makiliniki a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2024. Iye sanafunsenso ngati chithandizo chimagwira, koma kuti ogwira ntchito amafunika thandizo lanji kuti achipereke bwino. Zipatala zonse zinali ndi munthu wotsogolera ntchitoyi. Theka la zipatalazo linkalandiranso alendo odzaona makaundula ndi kukambirana ndi ogwira ntchito pamene pakutsalira. Kumene kunali kuyenderedwa kotere, kutsatira odwala kunayenda bwinoko ndipo ochira anachuluka. Kuunika, tingatero, kunasanduka mbali ya chithandizocho.

Kodi woyendera chipatala amaona chiyani m'kaundula? Zizindikiro zina n'zosabisika. Tsamba lonse likakhala ndi 0 yekhayekha, kawirikawiri ndiye kuti mafunso sakufunsidwa, kapena akufunsidwa mothamanga pagulu, pamene palibe angavomere kuti amalira usiku. Opezeka ndi matenda akatsika mwadzidzidzi mwezi umene anamwino asinthidwa mawodi, ndiye kuti wophunzitsidwa uja wachoka ndipo wolowa m'malo sakudziwa pepalalo. Pa mankhwala, woyendera amaona mlingo ndi nthawi. Fuluokisetini kwa wamkulu amayambira kawirikawiri pa mamiligalamu 20 patsiku. Amitiriputilini amayambira pa 25, koma amayenera kukwezedwa pang'onopang'ono. Wodwala akakhala pa 25 miyezi yonse, kaundula adzati ali pa chithandizo pomwe mlingowo ndi wochepa pa matendawa. Mankhwalawa amatenganso masabata angapo asanayambe kuthandiza, ndipo amayenera kumwedwa miyezi ingapo munthu atapeza bwino. Ndiye masiku amene mankhwala anasowa pachipatala ayenera kulembedwa m'lipoti lomwelo, moyandikana ndi chiwerengero cha ochira.

Funso lomaliza la PHQ-9, la maganizo odzipha, lili ndi muyeso wakewake. Aliyense woyankha kuposa 0, ngakhale malikisi ake onse akhale ochepa, ayenera kufunsidwa mozama tsiku lomwelo, ndipo ngati pali chiopsezo atumizidwe kwa wodziwa zambiri. Apa cholinga ndi onse, osati ambiri.

Palinso nkhani ya amene akuyeza. Wodwala amalemekeza namwino wake, ndipo akafunsidwa ndi yemweyo amene anamupatsa mankhwala, n'kosavuta kuyankha kuti "ndikupezako bwino, amayi" pofuna kusawakhumudwitsa. Pa chisamaliro cha tsiku ndi tsiku namwino ayenera kuyeza yekha, chifukwa malikisiwo ndi amene amamuuza ngati asinthe mlingo. Koma pofuna kuweruza pulogalamu yonse, pafunika munthu wina wosakhudzidwa ndi chithandizocho, amene angaimbire foni kapena kulondola ngakhale amene anasiya kubwera. Munthuyo afunsenso zimene malikisi sanena, monga ngati mayi uja wayambanso kupita kudimba ndi kumsika. Mafunso a WHODAS a bungwe la WHO anapangidwira zoterezi. Ndipo wina ayeze mphindi zimene ntchitoyi ikutengera namwino pa wodwala aliyense, popeza pulogalamu yotalikitsa mzere imafa mwakachetechete alendo akangosiya kubwera.

Ngati muli m'komiti ya chipatala cha kwanu, kapena mwamva pawailesi kuti anthu masauzande afunsidwa za matenda okhumudwa, funsani kuti opezeka odwala anali angati, ndipo mwa onsewo ndi angati amene anaonedwanso pakutha pa miyezi itatu. Lipoti losayankha zimenezi musalilandire.