Kapepala konyezimira kamene kamatchinga kutentha kwa malata

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nyumba ya malata siilowedwa masana. Ngakhale yokhala ndi siling'i, munthu akakweza dzanja n'kukhudza bolodi, amapeza lafunda ngati lakhala pa dzuwa, chikhalirecho dzuwa silinalione. Ambiri amati ndi mpweya wotentha wa m'denga umene watsika. Koma mpweya wotentha sutsika, umakwera n'kukaunjikana kunsi kwa malata komweko. Chimene chimawoloka mpata wa pakati pa malata ndi siling'i kwenikweni ndi cheza cha kutentha, chosaoneka ndi maso, chimene chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa, ndipo sichifuna mpweya kapena chitsulo kuti chidutsemo.

Kuchuluka kwa cheza chimenechi kumawerengeka. Josef Stefan wa ku Vienna anapeza lamulo lake mu 1879 poyang'ana zotsatira za miyeso, ndipo wophunzira wake Ludwig Boltzmann analitsimikiza ndi masamu mu 1884. Lamuloli limati cheza chimakula molingana ndi kutentha kwa chinthu kukachulukitsidwa ndi iko komwe kanayi, kotero kuti kutentha kukawirikiza kawiri, cheza chimawirikiza ka 16. Kutenthako kumayezedwa m'makelivini, amene timawapeza powonjezera 273 pa madigiri a masiku onse. Ophunzira ambiri amalakwira pomwepa: akaiwala 273 uja, yankho lonse limasokonekera.

Lamuloli limanena za chinthu chongoyerekeza, chakuda bii, chimene chimameza cheza chonse chochigwera ndi kutulutsa chochuluka kwambiri chimene chingatheke. Zinthu zenizeni sizifika pamenepo. Akatswiri amazipatsa nambala ya pakati pa 0 ndi 1, yolembedwa ε, yosonyeza gawo la cheza chimene nkhope ya chinthucho imatulutsa. Bolodi, njerwa, thabwa ndi penti zimakhala cha m'ma 0.9, malata akale ochita dzimbiri kapena opentedwa sachepera kwenikweni pa 0.8, pamene foyilo woyera wa aluminiyamu ali pafupi ndi 0.05. Nkhope imene nambala yakeyo siisintha ndi mtundu wa cheza amaitcha yotuwa, ndipo pa nkhope yotere nambala yomweyo imanenanso gawo la cheza chimene imameza. Yotulutsa kwambiri imamezanso kwambiri. Yotulutsa pang'ono imabweza pafupifupi chonse chimene chaigwera.

Maso sathandiza pozindikira zimenezi. Penti yoyera imabweza kuwala kwa dzuwa, n'chifukwa chake ndi yabwino pamwamba pa denga, koma pa cheza chochokera ku malata otentha imameza pafupifupi mofanana ndi penti yakuda. Chimene chimabweza cheza chotere ndi chitsulo chosalala, chopanda dzimbiri ndi penti.

Tsono tiyerekeze mbale ziwiri zazikulu zafulati, zoyang'anizana, zotalikirana pang'ono poyerekeza ndi kukula kwake, kotero kuti cheza chochoka pa ina chilibe kwina kopita koma pa inzake. Tinene kuti nkhope zonse ziwiri ndi za 0.8: yotentha ikatulutsa cheza, yozizira imameza magawo 8 mwa 10 n'kubweza awiri. Awiriwo akabwerera, yotentha imamezako n'kubwezanso otsala, ndipo zimapitirira choncho mpaka chitatha. Nayo yozizira ikutumiza cheza chake nthawi yomweyo. Maulendo onsewa akaphatikizidwa, amatuluka masamu aafupi:

```
q = σ (T1⁴ − T2⁴) / (1/ε1 + 1/ε2 − 1)
σ = 5.67 × 10⁻⁸ W/m²K⁴
```

Pamwamba pali mphamvu yokankha kutentha, pansi pali chopinga chimene nkhope ziwirizo zimaika. Chodabwitsa n'chakuti kukula kwa mpata mulibemo. Mbale zikakhala zazikulu mokwanira, kaya zitalikirane masentimita 5 kapena 50, cheza chowoloka n'chimodzimodzi.

Tiyese ndi denga lija. Tinene kuti kunsi kwa malata kwafika madigiri 70, amene ndi makelivini 343, ndipo pamwamba pa siling'i pali madigiri 35, makelivini 308. Gawo la pamwamba la masamu limapereka mawati pafupifupi 275 pa sikweya mita iliyonse. Nkhope zonse ziwiri zikakhala za 0.8, chopinga ndi 1.25 kuphatikiza 1.25 kuchotsa 1, ndiye 1.5. Kugawa 275 ndi 1.5 kumatipatsa mawati 183. M'chipinda cha mamita 4 mulitali ndi 4 mulifupi, amenewo ndi mawati oposa 2,900, ofanana ndi mbaula zitatu zamagetsi za mawati 1,000 zoyaka pamwamba pa siling'i dzuwa lili paliwombo.

Pakati pa mbale ziwirizo tikapachika chotchinga chopyapyala, chosakhudza mbali iliyonse, cheza cha malata sichionanso siling'i. Chimagwera pa chotchingacho, chimene chimafunda mpaka kufika poti chimene chikulandira kumwamba n'chofanana ndi chimene chikutumiza kunsi. Kutentha sikuima, koma tsopano kuyenera kuwoloka mipata iwiri motsatizana, ndipo pa chopinga chija pamawonjezeka `1/εa + 1/εb − 1`, pamene εa ndi εb ndi nambala za nkhope ziwiri za chotchingacho.

Ngakhale chotchingacho chikhale lata wamba la 0.8, chopinga chimachoka pa 1.5 kufika pa 3, ndipo mawati amatsika kuchoka pa 183 kufika pa 92. Ndi theka lenileni. Latalo limakhazikika pa madigiri pafupifupi 54, pamwamba pang'ono pa 52.5 amene ali pakatikati pa 70 ndi 35, chifukwa cha kuchulukitsa kanayi kuja. Zotchinga zotere zikakhala ziwiri pamatsala gawo limodzi mwa atatu, zikakhala zitatu limodzi mwa anayi, ndipo chilichonse chowonjezera chimapindulitsa mocheperapo kuposa chimene chinatsogola.

Foyilo ndiye amasinthiratu nkhani. Nkhope iliyonse ya 0.05 imapereka 20, kotero chowonjezera ndi 20 kuphatikiza 20 kuchotsa 1, ndiye 39. Chopinga chonse chimakhala 40.5, ndipo mawati 275 aja akagawidwa pamatsala 7 osakwana pa sikweya mita. M'chipinda chonse chija ndi mawati pafupifupi 110 m'malo mwa 2,900. Kuti malata wamba achite zofanana pangafunike 26 osanjikizana, lililonse ndi mpata wake. Foyiloyo amameza pang'ono kumwamba n'kutulutsanso pang'ono kunsi, ndipo kukhuthala kwake sikuwerengedwa n'komwe, chifukwa m'kachitsulo kopyapyala chotero kutentha kumadutsa mosavuta. Ntchito yonse ili pa nkhope zake ziwiri ndi pa mipata imene zikuyang'ana.

Amisiri ena amawononga zinthu pomwepa. Foyilo akakhomeredwa mogundana ndi malata, nkhope yake ya kumwamba ilibenso mpata. Kutentha kumalowa mwachindunji, chitsulo ndi chitsulo, ndipo theka la phindu limatayika. Akapanikizika mbali zonse, pakati pa malata ndi thabwa kapena bolodi, pamalo amenewo satchinganso chilichonse. Nkhope yonyezimira iyenera kuyang'ana mpweya, ndipo mpata wa masentimita awiri kapena atatu ndi wokwanira.

Mdani wina ndi fumbi, limene m'nyengo ya chilimwe silisowa. Likaphimba nkhope ya kumwamba mpaka nambala yake kufika 0.8, chowonjezera chimatsika kuchoka pa 39 kufika pa 20.25, ndipo cheza chodutsa chimakwera kufika mawati 13. N'zochepabe kwambiri poyerekeza ndi 183, chifukwa nkhope ya kunsi, imene fumbi silikhalapo, ikugwirabe ntchito. Choncho foyilo wonyezimira mbali imodzi yokha amayenera kupachikidwa kunsi kwa mitengo ya denga, mbali yonyezimirayo itayang'ana pansi. Woyalidwa pamwamba pa siling'i, mbali yonyezimira ili kumwamba, amayamba bwino koma amafooka chaka ndi chaka. Woyalayo asamalenso mawaya, pakuti aluminiyamu amadutsa magetsi, ndipo msomali umodzi woboola waya ungalowetse magetsi m'foyilo yense.

Wofuna kudziwa ngati chotchinga chikugwira ntchito ayeze kunsi kwa siling'i masana, asanachiike ndiponso atachiika. Asaloze foyiloyo ndi choyezera kutentha cholozera patali, chifukwa chimawerenga cheza, ndipo pa nkhope yonyezimira chimaona makamaka cheza cha zinthu zina chimene chikubwezedwa. Kumata katepi kakuda pa foyiloyo n'kuyeza pa katepiko kumapereka nambala yoona.

Masamuwa ali ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena poyera kuti wogula asayembekezere zozizwitsa. Amawerenga cheza chokha. Kutentha kwina kumadutsabe mu mpweya wa m'denga ndi m'mitengo, ndipo denga lotsetsereka silikhala mbale yoyang'anizana ndendende ndi siling'i. Malata nawo amatentha kuposa kale akasowa kotayira kutentha kunsi. M'mwezi wa Juni usiku, kutentha kukamachoka m'nyumba kukwera kumwamba, mpweya wofunda umakunyamula wokha, ndipo foyilo sathandiza kwambiri ngati mmene amachitira masana a Okutobala.

Kumene mpweya wachotsedwa, masamuwo amayandikira zenizeni. James Dewar, pofuna kusunga mipweya imene ankaiziziritsa mpaka kusanduka yamadzimadzi ku London, anapanga mu 1892 botolo la makoma awiri lopopedwa mpweya pakati, ndipo makomawo anadzawakuta ndi siliva kuti cheza nacho chisawoloke. Fulasiki ya tiyi inachokera pamenepo. Masetilaiti amakutidwa ndi timapepala tambirimbiri tonyezimira, tolekanitsidwa ndi kaukonde kopyapyala kuti tisagundane.

Makina oonera nyenyezi a James Webb, amene anatumizidwa m'mlengalenga pa 25 Disembala 2021, ali ndi zotchinga zisanu za pulasitiki ya Kapton yokutidwa ndi aluminiyamu, za mamita pafupifupi 21 mulitali ndi 14 mulifupi. Choyang'ana dzuwa ndi chokhuthala mamilimita 0.05, zinayi zinazo 0.025. Mbali ya dzuwa imafika madigiri pafupifupi 85, pamene mbali ya magalasi imakhala cha m'ma madigiri 233 kunsi kwa ziro. Opanga ake sanaziike moyang'anizana ndendende ngati mbale za m'masamu aja: mipata imakula chakumphepete, kuti cheza chobwezedwa pakati pa zotchingazo chizisunthira kunja n'kutayikira m'mlengalenga chisanafike pa chotchinga chotsatira.