Kuyeza mtolo wa osewera mpira ndi chiopsezo cha kuvulala

Mtolo wa wosewera ndi ntchito yonse imene thupi lake lagwira pa zokonzekera ndi pa masewero enieni. Kwa zaka pafupifupi khumi tsopano, matimu ambiri akhala akuyerekeza mtolo wa sabata imene yangothayi ndi mtolo umene wosewerayo wazolowera m'masabata anayi apitawa. Nambala imene imatuluka pogawa ziwirizi imalembedwa kuti ACWR m'makompyuta a matimu. Ganizo lake ndi lakuti thupi silivulala chifukwa cha ntchito yambiri yokha, koma makamaka chifukwa cha ntchito yoposa imene lakonzekera.

Njirayi inatchuka ndi katswiri wa ku Australia, Tim Gabbett, ndi anzake. Iwo anayamba ndi oponya mpira mwaliwiro mu kiriketi mu 2014, kenako osewera ragibi. Mu 2016 Gabbett anasindikiza nkhani mu British Journal of Sports Medicine yonena kuti osewera amavulala mochepa pamene nambalayi ili pakati pa 0.8 ndi 1.3, ndipo chiopsezo chimakwera ikapitirira 1.5. Malire amenewa anafalikira msanga m'mpira wamiyendo, ngakhale kuti sanachokere kumeneko.

Kuwerengera kumayamba ndi kuyeza tsiku lililonse. Matimu olemera amaveka osewera tizovala ta GPS tolemba mtunda umene athamanga ndi liwiro lawo. Palinso njira yosalira ndalama, imene Carl Foster anaikhazikitsa, ndipo timu iliyonse, ngakhale ya m'ligi yaing'ono, ingaikwanitse ndi kope ndi cholembera. Patapita mphindi pafupifupi 30 zokonzekera zitatha, wosewera amafunsidwa kuti ntchitoyo inali yowawa bwanji, kuyambira 0 mpaka 10. Yankho lake amalichulukitsa ndi mphindi zimene wagwira. Ngati wathamanga mphindi 90 n'kunena kuti 7, mtolo wa tsikulo ndi mapointi 630. Aliyense ayenera kufunsidwa payekha, chifukwa pagulu achinyamata amangobwereza nambala imene kaputeni wanena, ndipo amene akulimbirana malo amachepetsa dala kuti aoneke olimba. Mapointi a masiku asanu ndi awiri akaphatikizidwa, ndiwo mtolo wa sabata.

Phindu la njirayi limaoneka bwino poyerekeza osewera a timu imodzi. Nachi chitsanzo chongopeka, cha anthu atatu. Woyamba ndi wapakati amene amayamba masewero onse. M'masabata anayi wapeza mapointi 2,400, 2,600, 2,500 ndi 2,700. Onse pamodzi ndi 10,200, ndipo avereji ya sabata ndi 2,550. Kugawa 2,700 ndi 2,550 kumapereka 1.06, kusonyeza kuti sabata yathayi sinasiyane kwenikweni ndi zimene thupi lake likudziwa.

Wachiwiri ndi wotchinga kumbuyo amene wakhala pa benchi. Iye amachita zokonzekera ndi anzake, koma tsiku la masewero salowa, ndipo tsiku lotsatira amapumula limodzi ndi amene anasewera. Masabata ake atatu oyamba anali 1,500, 1,400 ndi 1,500. Kenako mnzake wavulala, iye walowa m'malo n'kusewera masewero awiri athunthu m'sabata imodzi, mtolo wake n'kufika 2,700. Avereji yake ndi 1,775, ndipo nambala yake ndi 1.52. Anthu awiriwa asenza mtolo wofanana ndendende sabata imeneyi, koma kwa mmodzi ndi wachizolowezi, kwa winayo ndi wachilendo. Kochi amene angoyang'ana avereji ya timu yonse sangaone kusiyanaku, pakuti nambala za oyamba masewero zimaphimba za anzawo. N'chifukwa chake matimu osamala amathamangitsa a pa benchi masewero akangotha, kapena kuwapatsa ntchito yolemera tsiku lotsatira, kuti mtolo wawo wozolowera usatsike.

Wachitatu akusonyeza pamene njirayi imasokoneza. Iyeyu akuchira kuvulala kwa mnofu wakuseri kwa ntchafu, ndipo masabata ake ndi 0, 400, 800 ndi 1,200. Avereji ndi 600, nambala ndi 2.0, yoopsa kwambiri papepala. Komatu mtolo wake sunafike n'theka la wa anzake, ndipo akuwonjezera pang'onopang'ono monga mmene dokotala wa timu wakonzera. Aliyense woyambira pa ziro amatulutsa nambala yaikulu. Zimenezi zimachitikiranso timu yonse m'masabata oyamba okonzekera ligi, osewera akachoka kutchuthi. Pamenepo choyenera kuyang'ana ndi mapointi enieniwo ndi mmene mwendo ukuyankhira.

Vuto lina lili m'masamu momwemo. Sabata yathayi imalowa mbali zonse ziwiri: ndiyo imagawidwa, komanso ili m'gulu la masabata anayi ogawira. Zotsatira zake, kukwera kwadzidzidzi kumaoneka kochepa, ndipo nambalayi singapitirire 4 zivute zitani. Ena amachotsa sabata yathayi pa avereji. Akatero, wotchinga kumbuyo uja amachoka pa 1.52 kufika pa 1.84, ngakhale palibe chasintha pabwalo. Enanso amawerengera mopatsa mphamvu masiku aposachedwa kuposa akale, poti kutopa kwa dzulo n'kosiyana ndi kwa masabata atatu apitawo. Njira iliyonse imatulutsa nambala yake, choncho malire a 1.5 sangagwire ntchito mofanana pa zonsezi. Timu iyenera kusankha njira imodzi n'kukhala nayo nyengo yonse. Masiku osalembedwa amawononganso: wosewera akapita ku timu ya dziko lake n'kubwerako popanda mapointi, avereji yake imatsika monama, ndipo sabata yotsatira imaoneka ngati yalumpha.

Funso lalikulu ndi lakuti, kodi kutsatira nambalayi kumachepetsadi kuvulala? Kafukufuku woyambirira ankangoona kuti nambala yokwera ndi kuvulala zimayendera limodzi, zomwe sizitsimikiza kuti china chikuyambitsa chinzake. Akatswiri monga Franco Impellizzeri anatsutsa njirayi mwamphamvu mu 2020, ponena kuti maziko ake ndi osalimba. Ku Norway, Torstein Dalen-Lorentsen ndi anzake anaiyesa pa matimu 34 a achinyamata osewera mpira wamiyendo. Matimu ena ankakonza zokonzekera motsatira ACWR, ena ankachita monga mwa masiku onse. Patatha miyezi khumi, panalibe kusiyana pa kuchuluka kwa ovulala ndi odwala pakati pa magulu awiriwa.

Zimenezi n'zosadabwitsa kwenikweni. Kuvulala kuli ndi zoyambitsa zambiri zimene nambalayi siziona: kuvulala kwakale, msinkhu, mphamvu za minofu, tulo, kuuma kwa bwalo, ndi kuchitiridwa chipongwe ndi mdani. Nambala imodzi imasakanizanso ntchito zosiyana. Mapointi 600 othamanga mwachifatse salemetsa ntchafu mofanana ndi mapointi 600 othamanga mwaliwiro lonse, ndipo GPS siona ntchito ya goloboyi, amene amadumpha ndi kudzigwetsa koma sathamanga mtunda. Ngakhale pakati pa osewera opitirira 1.5, ambiri savulala sabata yotsatira.

Choncho ACWR siyenera kukhala chifukwa chokhacho chochotsera munthu pa mndandanda wa osewera Loweruka. Ntchito imene imaigwira bwino ndi yoloza osewera awiri kapena atatu amene sabata yawo yasiyana kwambiri ndi chizolowezi chawo, kuti kochi ndi dokotala awafunse, awapime, ndi kusintha ntchito ya masiku otsatira ngati kuli kofunika.