Mbale yagolide pakati pa ziwiya zotha: nthano ya amalonda a ku Seri

Nthano ya amalonda awiri a ku Seri ndi yachitatu mwa nthano 547 zotchedwa Jataka, zomwe Abuda amasunga m'chinenero cha Chipali. Nthano zimenezi zimafotokoza miyoyo imene Abuda amakhulupirira kuti Buda anakhalapo asanabadwe komaliza. Ndakatulo zake ndi zakale kwambiri, koma mawu ofotokoza nkhani monga momwe alili lero anasanjidwa ku Sri Lanka cha m'zaka za m'ma 400. Dzina lake ndi Serivanija Jataka, ndipo yagona pa mbale yagolide imene inatayidwa pamulu wa ziwiya zotha ntchito.

Amuna awiri a m'dziko la Seri ankachita malonda oyendayenda, kugulitsa ziwiya ndi tinthu todzikongoletsera. Anaoloka mtsinje wa Telavaha n'kulowa mumzinda wa Andhapura, komwe anagawana misewu kuti asalandane makasitomala. Anapangananso kuti wina akamaliza msewu wake, mnzake ali ndi ufulu wolowamo. Pangano laling'onoli ndi limene likunyamula nkhani yonse, chifukwa popanda ilo wamalonda wachiwiri sakanafika pakhomo pomwe panali mbaleyo.

Pakhomopo pankakhala mtsikana ndi agogo ake aakazi. Banja lawo linali la amalonda olemera, koma amuna onse anamwalira, chuma chinatha, ndipo awiriwa ankadalira maganyu. M'nyumbamo munatsala mbale imene mwini banja ankadyeramo kale. Itakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, inakutidwa ndi litsiro moti palibe amene ankadziwa kuti ndi yagolide. Mtsikana atamva wamalonda akuitanira malonda, anapempha agogo ake kuti amugulire kachokongoletsa, ndipo popeza ndalama panalibe, anaganiza zosinthanitsa ndi mbale ija.

Zimene wamalonda woyamba anachita ataigwira mbaleyo n'zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa nthanoyi yalondola kwambiri pa ntchito ya munthu wodziwa zitsulo. Anaitembenuza m'manja, n'kuyamba kukayikira. Chimene dzanja limamva msanga ndi kulemera. Golide weniweni amalemera kuposa kawiri bulasi, chitsulo chachikasu chosakaniza mkuwa ndi zinki chomwe anthu amachisokoneza ndi golide. Ngati mbale ya bulasi ikulemera kilogalamu imodzi, yagolide yofanana nayo kukula ndi kuchindikala ingapitirire makilogalamu awiri. Munthu amene amanyamula ziwiya tsiku ndi tsiku amaumva msanga kusiyana kumeneku, pomwe agogo amene alibe mbale ina yoyerekeza nayo sangaudziwe.

Kenako anatenga singano n'kukanda kamzere kunsi kwa mbale. Golide sachita dzimbiri ndipo sada monga amachitira mkuwa ndi siliva, choncho zimene zinaphimba mbaleyo zinali litsiro lapamwamba chabe, ndipo pansi pake mtundu unali wowala ngati kale. Golide ndi wofewanso, moti singano yachitsulo imalowa mosavuta. Kukandako kumasonyezanso ngati chinthu changokutidwa ndi golide pamwamba, chifukwa chitsulo chamkati chimaonekera. Njirayi ili ndi malire ake. Bulasi akamukanda amaonekanso wachikasu, ndiye kamzere pakokha si umboni wokwanira. Kamakhala umboni pokhapokha kakagwirizana ndi kulemera kuja. Osula golide akale ankapitirira pamenepa pokhula chitsulo pamwala wakuda n'kuyerekeza mtundu wa mzere wotsalapo ndi wa golide wodziwika kale, koma wamalonda wapamsewu anali ndi dzanja ndi singano basi.

Atatsimikiza, wamalondayo anabisa zimene wadziwa. Ananena kuti mbaleyo si kanthu, anaiponya pansi n'kuchoka. Cholinga chake chinali kugwetsa mtengo m'mitima ya eni ake kuti akabwerera aitenge pafupifupi ulele. Apa ndi pomwe analakwitsa ngakhale pa nzeru za malonda zokha. Akanapereka kachokongoletsa kamodzi komwe mtsikana ankafuna, mbale ikanakhala yake nthawi yomweyo. Iye anasiya chuma chachikulu pansi pofuna kupulumutsa kanthu kochepa, atayiwala kuti pangano lawo likutsegulira mnzake msewu womwewo.

Wamalonda wachiwiri, yemwe nthanoyi imati ndi Buda m'moyo wake wakale, anafika pakhomo lomwelo. Agogo anazengereza chifukwa cha mwano wa woyamba uja, koma mtsikana anaona kuti uyu ndi waulemu. Iyeyu nayenso anazindikira golide, ndipo ananena poyera kuti mbaleyo ndi ya ndalama 100,000, zomwe iye alibe. Agogo anayankha kuti aitenge n'kuwapatsa chilichonse chimene angathe. Anali ndi ndalama 500 ndi katundu wa mtengo wofanana ndi womwewo, ndipo anapereka zonse, n'kupempha kuti asunge sikelo yake, thumba ndi ndalama 8 zolipira bwato.

Manambala amenewa amadabwitsa owerenga ambiri a masiku ano, ndipo m'pomveka. Munthu woona mtimayo analipira pafupifupi 1,000 pa chinthu cha 100,000, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 100. Sanganenedwe kuti analipira mtengo woyenera. Nthanoyi siikuyesa chilungamo ndi kukula kwa ndalama, koma ndi zinthu ziwiri: wogulitsa anauzidwa mtengo weniweni asanavomere, ndipo wogula sanabise kalikonse m'thumba. Komabe funso limatsala lakuti bwanji sanalonjeze kudzawonjezera akagulitsa mbaleyo, ndipo wowerenga amene funsoli lamuvuta sanawerenge molakwa. Zimene agogo anataya n'zambiri ndithu, ngakhale kuti anazipereka akudziwa.

Mapeto ake amathamanga. Wamalonda woyamba atabwerera n'kumva kuti mbale yapita, anapenga ndi ukali. Anamwaza ndalama ndi katundu wake pakhomopo, anatenga mtanda wa sikelo ngati chibonga, n'kuthamangira kumtsinje. Anapeza bwato lili kale pakati pa madzi. Anakuwira wopalasa kuti abwerere, koma mnzake anauza wopalasayo kuti apitirire. Chifukwa cha mkwiyo, magazi anatuluka m'kamwa mwake ndipo anafera pagombe pomwepo. Nthanoyi imati munthuyu anadzabadwanso n'kukhala Devadatta, wachibale wa Buda amene anadzamuukira, ndipo chidani chake chinayambira pa mbale imeneyi.

Monga nthano zina za Jataka, iyi ili mkati mwa nkhani ina yaifupi. Buda akuisimba ali ku Savatthi, kwa mmonke amene anagwa ulesi pa khama lake lauzimu, pomuchenjeza kuti angadzalire ngati wamalonda amene anagwira chuma m'manja n'kuchisiya. Choncho kwa omvera oyamba nkhani yaikulu inali kutaya mwayi, ndipo za chinyengo pa malonda zinali zachiwiri. Kunja kwa mayiko a Chibuda nthanoyi inadziwika kudzera m'buku la Chipali lomwe Viggo Fausbøll wa ku Denmark anayamba kusindikiza mu 1877, ndiponso kumasulira kwa Chingerezi kwa Robert Chalmers kwa mu 1895. Mu 1912 Ellen Babbitt anailembanso mofupikitsa kuti ana aziwerenga, ndipo m'mabuku ambiri a ana otere imfa yamagazi ija ndi nkhani ya mmonke zimachotsedwa, n'kutsala nkhani ya amalonda awiri ndi mbale yokha.