Ntchito ya maodita pa kagulidwe ka katundu wa boma

Odita, yemwe ndi wolondoloza momwe ndalama za boma zayendera, sakhutira ndi malisiti okha akafika pa nkhani ya kagulidwe ka katundu, chifukwa chinyengo chambiri chimachitika mapepala onse ali osainidwa bwino. Ku Malawi ntchitoyi imagwiridwa ndi ofesi ya mkulu wa maodita a boma, yomwe imapereka malipoti ake ku Nyumba ya Malamulo, komanso bungwe la PPDA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017 kuti liziyang'anira kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma.

Chinyengo chomwe chimavuta kuchiona ndi kuduladula oda. Malamulo amaika malire a ndalama: katundu wotsika mtengo angagulidwe pongoyerekeza makotesheni atatu, kutanthauza mitengo yolembedwa ndi ogulitsa atatu, koma wopitirira malirewo amafunika tenda, yomwe ndi mpikisano wolengezedwa poyera. Tiyerekeze kuti malirewo ndi K50 miliyoni, ndipo khonsolo ina ikufuna madesiki a K144 miliyoni. Wofuna kuzemba mpikisano amalemba maoda atatu, a K49 miliyoni, K48 miliyoni ndi K47 miliyoni, kotero kuti oda iliyonse payokha imaoneka yosalakwa. N'chifukwa chake odita waluso sawerenga fayilo imodziimodzi, koma amasanja malipiro a chaka chonse potengera wogulitsa, tsiku ndi mtundu wa katundu. Akapeza kuti maodawo analembedwa sabata imodzi, manambala ake ndi otsatizana, ndipo buku la kosungirako katundu likusonyeza kuti madesiki onse anatsitsidwa tsiku limodzi, amatsegula ndondomeko ya zogula ya chakacho, momwe kawirikawiri madesikiwo amapezeka atalembedwa pamzere umodzi.

Kukondera kumaonekera m'makotesheni momwemo, pamene makampani awiri olepherawo ali ongoperekeza: nambala ya foni ndi imodzi, mawu olakwika kalembedwe ndi ofanana m'makalata onse atatu, ndipo kaundula wa makampani akusonyeza mwini mmodzi, mwinanso mlamu wa membala wa komiti yogula zinthu.

Komabe si kugawa kulikonse komwe kuli mlandu, pakuti tenda yaikulu ikhoza kugawidwa m'zigawo kuti amalonda ang'onoang'ono apikisane nawo, malinga yonseyo yalengezedwa poyera. Maofesi ambiri amadziteteza ponena kuti ndalama zochokera ku Thirezhale zimabwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zina amanena zoona, ngakhale kuti chifukwachi sichigwira maoda atatu akalembedwa sabata imodzi. Odita alibe mphamvu yomanga munthu. Iye amalemba zomwe wapeza, amapatsa ofesiyo mpata woyankha, ndipo zooneka ngati katangale zimapita ku bungwe la ACB, komwe mlandu umalimba pokhapokha mafayilo akadalipo.