Manambala awiri amene anasinthana malo m'kaundula

Kaundula wa Sitandade 4 uja anakhala zaka zambiri m'kabati ya ofesi, pansi pa denga lodontha. Inki ya buluu inali itafufuluka, m'mbali mwa masamba chiswe chitabudulamo. Mphunzitsi wamkulu atapempha mphunzitsi wina wamayi kuti atayipe tebulo la m'bukumo pa kompyuta lisanafufutikiretu, ntchitoyo inaoneka yongokopera basi.

Amene anaitanapo maina m'kalasi amalidziwa bukuli. Kumanzere kuli maina a ana, pamwamba pali masiku, Lolemba mpaka Lachisanu. Mwana akavomera, mphunzitsi amaika kamzere; akajomba, amaika ziro. Pansi pa tsiku lililonse amalemba chiwerengero cha amene anabwera, ndipo sabata ikatha amaphatikiza masiku asanuwo n'kusamutsira yankho ku tsamba la kumapeto, kumene kumasonkhana manambala a temu yonse. Tsamba la kumapetolo ndi limene ahedi ndi alangizi a maphunziro amayang'ana. Mizere ya maina ija kawirikawiri palibe amene amaibwereranso.

Kalasiyo inali ndi ana 62. M'sabata ina ya February, pansi pa masiku panalembedwa 55, 57, 54, 56 ndi 52. Mayiwo anatayipa manambalawa mu Excel, ndipo m'malo mokopera yankho la m'buku anauza kompyuta kuti iphatikize yokha:

```
=SUM(B8:F8)
```

Kompyuta inapereka 274. Tsamba la kumapeto linali ndi 247.

Poyamba anakayikira maso awo, ndipo kutero kunali koyenera, chifukwa pa inki yofufuluka 1 ndi 7 amafanana, 3 ndi 8 chimodzimodzi. Anatengera bukulo pawindo n'kuwerenganso nambala iliyonse. Sipanasinthe kanthu. Kenaka anachotsera: 274 kuchotsapo 247 kutsala 27. Apa anakumbukira lamulo limene owerengera ndalama amalidziwa bwino. Munthu akatembenuza manambala awiri oyandikana pokopera, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Mukalemba 45 m'malo mwa 54 kusiyana ndi 9, mukalemba 63 m'malo mwa 36 kusiyana ndi 27. Lamuloli limangoloza kumene vuto lingakhale, silitsimikiza, pakuti munthu atha kuphonya kuphatikiza n'kusiyana ndi 27 mwangozi.

Umboni weniweni unali m'mizere ya maina. Ana 62 akabwera onse masiku asanu, timizere timakwana 310. Ndiye m'malo mowerenga timizere tosaoneka bwinoto, mayiwo anawerenga maziro, amene ndi ochepa komanso amazindikirika ngakhale inki itatha. Anaika rula pansi pa dzina lililonse, n'kumatsika mzere ndi mzere. Anapeza maziro 36. Mukachotsa 36 pa 310, yankho ndi 274. Njira ziwiri zosiyana zinafika pa nambala imodzi, kusonyeza kuti mwini kaundulayo anaitana maina bwino, anawerenga bwino tsiku lililonse, koma dzanja linaterereka posamutsira yankho ku tsamba lina.

Wina atha kunena kuti 27 n'chiyani pa temu yonse. Koma tayang'anani sabata imeneyo payokha. Mukagawa 274 ndi masiku asanu, ana amene ankabwera pa tsiku ndi pafupifupi 55, kapena kuti 88 pa 100 alionse. Mukagawa 247, atsika kufika pa 49, kapena pafupifupi 80 pa 100 alionse. Woyang'ana tsamba la kumapeto lokha angaganize kuti ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ankajomba tsiku lililonse kuonjezera pa ojomba enieni. Ndipo poti inali February, zifukwa sizikanasowa: mtsinje wadzaza, malungo, njala, ana apita kumaganyu. Zonsezi zimachitikadi m'mwezi umenewo, n'chifukwa chake nambala yolakwikayo sinadabwitse aliyense.

Chimene ndimawayamikira nacho kwambiri mayiwa ndi mmene anachitira atapeza cholakwikacho. Sanatenge cholembera n'kukonza m'buku lakalelo, komanso sanatayipe 274 mwakachetechete. Kaundula ndi chikalata cha sukulu. Mukachikonza mobisa, wodzafananiza tebulo latsopano ndi buku adzaona manambala osiyana, osadziwa kuti wolakwa ndani. Iwo anaika madanga awiri, lina la nambala monga inalembedwera, lina la nambala yowerengedwanso, ndipo pambali analemba tsamba, sabata ndi chifukwa chake. Kenaka anakaonetsa ahedi, amene anawerenganso okha maziro aja asanasaine.

Popeza dzanja limene laterereka kamodzi litha kutererekanso, mayiwo anayesa masabata onse otsala m'njira yomweyo, masiku mbali ino, maziro mbali inayo. Onse anagwirizana. Chinasintha ndi chiwerengero cha temu yonse, chimene chinakwera ndi 27.