Fomu ya mlimi yapita kuti? Funso logwetsa opanga mapulogalamu a pafoni

Pa intavyu ya ntchito yopanga mapulogalamu a pafoni, ofunsa amakonda kuponya kankhani. Amati: "Mlangizi wa zaulimi akulembetsa mlimi pa pulogalamu yanu. Fomu ili pakati, foni yalira, wayankha. Pobwerera wapeza zonse zafufutika. Tatiuzani, chachitika n'chiyani?"

Ena apa amangolakatula mayina amene analoweza: `onCreate`, `onStart`, `onResume`, `onPause`, `onStop`, `onDestroy`. Ndi oona, ndiwo masitepe amene tsamba la pulogalamu ya Android limadutsamo kuchokera pamene latsegulidwa mpaka kutsekedwa. Koma wofunsa akufuna kumva china: pa nthawi iliyonse, dzina la mlimi uja lili pati?

Mlangizi atayankha foni, pulogalamu inapita kumbuyo. Foni yotchipa imakhala ndi memore yochepa, ndiye Android ikasowa malo imapha pulogalamu imene sikuoneka pa sikirini, osaichenjeza. Choncho woyankha kuti "ndidzasunga zonse pa `onDestroy`" wagwa, chifukwa pulogalamu ikaphedwa chotere sitepe imeneyi sifikidwa n'komwe. Wina amatchula `ViewModel`, chida chimene Google inatulutsa mu 2017. Chimathandizadi foni ikatembenuzidwa cham'mbali, pamene Android imagumula tsamba n'kulimanganso. Komabe chimakhala m'memore momwemo, pulogalamu ikafa chimafera limodzi. Palinso `onSaveInstanceState`, yosungira tinthu ting'onoting'ono monga tsamba limene munthu anali. Ukaunjikamo zithunzi, pulogalamu imagwa ndi uthenga wa `TransactionTooLargeException`, pakuti njira imene zimadutsa imangonyamula pafupifupi megabaiti imodzi.

Yankho logwira mtima n'lakuti chimene munthu wavutikira kulemba chizilowa m'nkhokwe ya m'foni momwemo pamene akulemba. Pa Android ambiri amagwiritsa ntchito `Room`, imene pansi pake pali `SQLite`. Sikirini iziwerenga za m'nkhokwemo, isamadikire seva.

Kenako wofunsa amawonjezera: "Chabwino, fomu yatha. Mlangizi wadina batani lotumiza, koma kumudziko netiweki ikungobwera n'kuchoka."

Kuyang'ana kaye ngati netiweki ilipo sikukwanira. Aliyense amene bandulo inamutherapo akudziwa kuti timizere tikhoza kudzaza pamwamba apo koma uthenga osapita. Pulogalamu yabwino imaika fomu pa mzere wodikira, n'kumuuza mlangizi mosabisa kuti "Yasungidwa, sinatumizidwe." Ntchito yotumiza imapatsidwa kwa `WorkManager`, imene imakumbukira ntchitoyo ngakhale foni itazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Kutumiza kukakanika, imadikira masekondi 30, kenako 60, kenako 120, nthawi ikumka nichuluka kawiri, kuti batire lisathere pogogoda chitseko chotseka. Ikhozanso kuuzidwa kuti zithunzi zazikulu zidikire waifai, bandulo ya mlangizi ipume.

Pamene pamaoneka katswiri weniweni ndi apa. Tiyerekeze kuti fomu yafika pa seva ndipo yalembedwa, koma yankho loti "ndalandira" latayika panjira. Foni ilibe njira yodziwira ngati chatayika ndi fomuyo kapena yankho. Imatumizanso. Mawa lake ku ofesi mlimi mmodzi akuoneka kawiri, ndipo zikanakhala ndalama bwenzi munthu atalipira kawiri. Mankhwala ake ndi nambala yapadera, `UUID`, imene foni imapatsa fomu iliyonse poisunga koyamba. Nambalayo sisintha ngakhale fomu itumizidwe kakhumi. Seva ikaona nambala imene inalandira kale, imangoyankha kuti zili bwino, osalembanso. Amene amapanga nambala yatsopano pa kutumiza kulikonse sanakonze kanthu, ndipo wofunsa watcheru amafunsa dala kuti, "Nambalayo mumaipanga liti?"

Nanga alangizi awiri akasintha za mlimi yemweyo, onse ali kopanda netiweki? Njira yachidule n'kutenga zimene zalembedwa pomalizira. Koma wotchi za mafoni zimasiyana, ndipo ntchito ya winayo imafufutika mwakachetechete. Kwa ine, woyankha bwino ndi amene amayamba wafunsa kuti chasinthidwacho n'chiyani. Ngati mmodzi wakonza dzina la mudzi, wina nambala ya foni, zonse ziwiri zikhoza kulowa. Ngati onse asintha kukula kwa munda, pulogalamu isasankhe yokha, ionetse zonse ziwiri kuti munthu agamule.

Inu amene mukukonzekera intavyu yotere, musapite musanayese pa pulogalamu yanu. Lembani fomu theka, pitani kumbuyo, kenako ipheni kuchokera pa kompyuta:

```
adb shell am kill com.example.app
```

Itsegulenso muone chimene chatsala. Kenako dinani batani lotumiza n'kuzimitsa deta nthawi yomweyo, muyatsenso, mukawerenge pa seva kuti mlimi walembedwa kangati.